Ukwati Wanga Pakati pa Kalomwe ndi Beira

Amuna anga ndinawadziwira pa Kalomwe, mwezi wa Junyu, akunjenjemera. Nthawi imeneyo ndinali mtsikana, ndinkagulitsa tiyi ndi mbatata ya kachewere yokazinga pafupi ndi pamene makamiyawu, magalimoto akuluakulu a katundu, amaima podikira kuti awolokere ku Dedza. Iwo anali motolista, woyendetsa kamiyawu. Ankanyamula adubu, yemwe anzathu a ku Malawi amati feteleza, kuchokera kudoko la Beira kupita naye ku Lilongwe.

M'mawa umenewo kunali nkhungu yoti mapiri osaoneka. Anatsika m'kamiyawu atavala malaya a manja aafupi, nabwera kudzakhala pa mbaula yanga osagula kanthu.

"Mana, kuno anthu mumakhala bwanji?" anandifunsa m'Chisena chosakaniza ndi Chinyanja. "Kapena mumalakwira boma ndiye linakuponyani kuno?"

"Timakhala ndithu. Inu kwanu kulibe Junyu?"

"Aliko, koma saluma."

Ndinawabwereka kazaku, jekete la mchimwene wanga. Ulendo wotsatira anandibweretsera mchere wa miyala m'kathumba, koko awiri, amene ena amati kokonati, ndi tinsomba touma tofiira totchedwa kamarawu. Mayi anga atatinunkhiza anati izi ndi ziwala za m'madzi, nakana kudya. Bambo anadya, napemphanso.

Bambo ndiwo ankakonda kucheza nawo. Bambowo anakhalapo ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo ankadabwa kuti dziko lonse lija lilibe doko lakelake, kuti mafuta, adubu, ngakhale makina a chigayo, zimatsika m'zombo kwa eni ake, kenako n'kukwera msewu wautali. Amuna anga ankawaseka kuti nafenso a ku Angoniya tisadzitame. Nyanja ndi ya dziko lathu, inde, koma thumba la adubu likamafika ku Ulongwe limakhala litadya kale mafuta a ulendo wonse, n'chifukwa chake limakwera mtengo. Kusiyana kwathu ndi a ku Dedza n'kwakuti katundu wathu sagona pa malire kudikira mapepala.

Titakwatirana anati tikakhale ku Beira, poti ntchito yawo imayambira kudoko. Sindinakane. Tinanyamuka pa kamiyawu yopanda katundu, ine nditakwezamo matumba awiri a mbatata oti ndikapatse apongozi. Kutsika kuchoka kwathu makutu ankatseka. Tikufika ku Tete, pa mlatho wa Zambezi, mpweya unali ngati wa m'ng'anjo ya njerwa, ndipo ndinavula zonse zimene mayi anandiveka kuti ndisazizidwe. Kamiyawu inawonongeka panjira, tinakhala masiku m'kutentha kuja. Pofika ku Beira thumba limodzi linali likutuluka madzi onunkha. Apongozi anasankhamo zabwinozo, koma ine manyazi anandigwira.

Nyanja ndinaiona mawa lake. Chimene chinandidabwitsa si kukula kwake, koma kuti imachoka. M'mawa madzi anali kutali, azimayi akutola nkhono m'matope, masana abwerera mpaka pa mchenga pamene tinaima. Ndinafunsa apongozi kuti amawatsegulira ndani, iwo anaseka mpaka kukhala pansi.

Apongozi anali mayi wamfupi, wolankhula mokweza, ndipo anandikonda. Anandiphunzitsa kupala koko ndi kufinya mkaka wake mu ndiwo, kuphika mpunga umene ankalima okha m'madambo a kunja kwa mzinda. Zinthu zinali zosavuta kupeza. Sopo, mafuta ophikira, nsalu, mabeseni, zonse zinali pamsika motsika mtengo kuposa kwathu. Koma phwetekere ndi kabichi, zimene kwathu timapatsa mlendo ulere, kumeneko ndinkazigula modandaula.

Chimene chinandivuta ndi malo. Kwathu nyumba timamanga pa chitunda, munda uli pansi pake, mnansi ali patali poti umamuitana mofuula. Kumeneko anthu anathithikana pamalo athyathyathya chifukwa aliyense ankafuna kukhala pafupi ndi doko, pamene pali ntchito. Ukakumba dzenje pang'ono madzi atuluka. Malata ankachita dzimbiri msanga chifukwa cha mphepo ya mchere. Ufa ndikausunga monga ndinazolowera, unkagwira nkhungu. Ndipo nyengo yotentha kunalibe kupuma: kwathu dzuwa likalowa umafuna bulangete ngakhale mu Okutobala, koma uko nyanja imasunga kutentha, thukuta osauma pathupi. Mwana wathu woyamba anadwala malungo kangapo asanayambe kuyenda.

Ndinapirira mvula zitatu. Kenako ndinawauza amuna anga kuti ndikufuna kubwerera.

"Ndakulakwira chiyani?" anafunsa.

"Palibe. Koma inuyo mumangogona kuno masiku ochepa, n'kunyamuka kupita kwathu. Amene mumaona mapiri ndinu, ine ndatsala m'madzi."

Amene anathetsa nkhaniyo ndi apongozi. Anati msewu uli ndi mbali ziwiri, motolista akhoza kukhala ndi nyumba kumapeto kulikonse. Iwo eni anakana kubwera nafe. Anati kumalo kopanda nsomba yaiwisi sangakhaleko.

Tinamanga pafupi ndi Fonte Boa, pa malo amene bambo anatipatsa. Zaka zimenezo ndizo ndimazikumbukira kwambiri. Ana ankadziwa kulira kwa kamiyawu ya bambo awo ikadali kutali. Amuna anga ankafika ndi mchere, koko ndi nsomba zouma zochokera kwa apongozi, pobwerera n'kunyamula nyemba ndi mbatata, zimene tsopano ndinkaziyanika bwino pamthunzi ndisanaziike m'matumba. Ine ndi apongozi tinkalankhulana ndi matumba amenewo kuposa pa foni.

Chaka china kumapeto kwa dzinja mphepo yamkuntho inachokera panyanja n'kugwera Beira. Kwathu kunangogwa mvula yamvumbi, chimanga chili chiimire. Amuna anga anali kuno, ndipo kwa masiku ambiri foni ya mayi awo sinkalowa. Msewu wolowera mumzindawo unadulidwa ndi madzi. Ankangoyendayenda pabwalo, chakudya osachikhudza. Ngakhale ife akumapiri tinaimva mphepoyo m'njira ina: makamiyawu anachepa pa Kalomwe, mafuta anavuta, adubu wa kudimba anachedwa.

Msewu utatseguka anapita, nabwera nawo apongozi ali ndi kathumba kamodzi ka zovala. Denga linapita, mpunga unamira. Tinawakonzera chipinda, ndipo ndinkaganiza kuti basi akhala nafe. Anakhala miyezi inayi. Ankatuluka panja dzuwa litakwera, atafunda mabulangete awiri, n'kumayang'ana mapiri ngati akuwatsekereza. Mayi anga ankabwera kudzakhala nawo, wina Chisena wina Chinyanja, akusenda nyemba, ndipo ankamvana ndithu.

Julyu asanathe apongozi anandiitana.

"Mwananga, mwandisunga bwino. Koma ndipite."

"Mayi, mphepo ija ikabweranso?"

"Ibwera. Anzanga onse ali komweko, akukhoma malata. Kuno ndikafa mudzandiika m'dothi lozizira ili."

Sindinawakakamize, chifukwa mawu amenewo ndinawadziwa. Tinagula malata ku Ulongwe, ngakhale amuna anga ankadandaula kuti tikugula modula chinthu chimene chinadutsa kale pakhomo pa mayi awo pobwera kuno. Ku Beira nthawi imeneyo malata ankasowa, aliyense akufolera.

Apongozi anakhala zaka zina zingapo m'nyumba yawo yatsopano, ndipo anamwalirira komweko. Amuna anga anasiya kuyendetsa maso atayamba kuvuta, tsopano amalima kabichi kudimba, ndipo amalima bwino kuposa ine. Mwana wathu wamkazi wachiwiri anapita kukaphunzira ku Beira chaka chatha. Akaimba foni sanena zobwerera.