Tambala wa pa Khadi la Zimbudzi

Ntchito imene inandipititsa ku Chitipa inali yosuzumira m'zimbudzi za anthu. Kwathu ku Thyolo ankangodziwa kuti ndine wa zaumoyo, ndipo sindinawawongole.

Chaka china tinaganiza zosindikiza makhadi oti tizikhoma pachitseko cha chimbudzi chilichonse chimene chakhoza mayeso. Mawu ake anavomerezedwa kulikulu titadikira miyezi inayi. Pamwamba panayenera kukhala chizindikiro chathu, manja awiri akusamba. Zonsezi tinatumiza pabasi kwa mkulu wina wosindikiza mabuku ku Mzuzu.

Patatha milungu itatu pulufu inabwera, pepala limodzi loti tione ngati zonse zili bwino, tisaine, iwo ayambe kusindikiza. Mawu onse anali m'malo mwake. Koma pamwamba, m'malo mwa manja athu, panaima tambala wakuda wa chipani, chifuwa chili nganganga. Buloko ya chizindikiro chathu, kachitsulo kozokotedwa kokhomera pathabwa, inali isanafike kuchokera ku Blantyre kumene ankazipanga, ndiye mkuluyo anangotola imene ankaika pa ntchito zonse zonunkhira boma.

Mayo ine! Kusaina kunali kuvomera kuti tambala akakhale pa zimbudzi kuyambira ku Wenya mpaka ku Misuku. Kukana kunali kulemba ndi dzanja langa kuti tambala achotsedwe. Masiku amenewo anthu ankasowa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi, ndipo ndinachita mantha zedi.

Bwana wanga atangoona pepalalo anakumbukira kuti ali ndi malungo.

“Ntchito ya zimbudzi ndi yanu, achimwene,” anatero akufunafuna chipewa.

Kalata yopita ku Mzuzu ndinailemba masiku awiri. Ndinapempha kuti chithunzi chimene chili pamwamba pakati chisinthidwe ndi chathu, ndipo china chilichonse, ngakhale kadontho, chisakhudzidwe, poti mawu akasuntha tikayambiranso kulikulu. Dzina la mbalameyo sindinalitchule.

Mkulu wa ku Mzuzu sanali mwana. Anayankha mwaulemu kuti buloko yathu yafika, ndi yofanana kukula ndi inayo, moti ilowa pamalopo popanda kusuntha chilembo chimodzi. Koma iye sangachotse chithunzi chimene mwini ntchito sanachitchule dzina. Ndilembenso, nditchule, ndisaine. Nkhalamba yochenjera! Inkafuna kuti likadzagwa tsoka, khosi likhale langa.

Ndinatenga pulufu ija, nyundo ndi misomali, n’kupita kwa tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Anali bambo wa komweko, wamimba, yemwe anandibwezapo kawiri pachipata cha msika chifukwa choiwala khadi la chipani.

“Monire, ŵadada,” ndinatero, Chitumbuka changa chonse n’kuthera pomwepo. “Ndabwera ndi ulemu waukulu. Tasankha kuti khadi loyamba tikhome pa chimbudzi chanu.”

Anamwetulira, nalandira pepala. Atafika pa tambala kumwetulira kunazima.

“Uyu akakhala pa chimbuzi?”

“Pa zonse, bambo. Boma lonse.”

“Yayi! Yayi! Muchotseni!”

“Ine ndichotse tambala, bambo? Ndine yani ine?”

Anandiyang’ana nthawi yaitali, ine nkhope ili ngati ya mkulu wa mpingo. Anatuluka thukuta ngakhale kunali mphepo ya mu Juni. Kenaka anaitanitsa pepala, nalemba yekha: chotsani tambala, ikani manja, zina zonse zisiyeni momwe zilili. Anasaina, nadinda chidindo cha ofesi yake, chimenenso chinali ndi tambala.

Kalatayo ndinaitumiza ku Mzuzu, ndipo pulufu yachiwiri itabwera ndinaiyerekeza ndi yoyamba mzere ndi mzere pawindo. Panalibe chosuntha kupatula mbalameyo. Ndinasaina ndi mtima woyera.

Makhadi atafika, pamwamba pa mtolo panali envulopu. Mkulu wa ku Mzuzu anabweza kalata ya tcheyamani, ati mapepala otere sasunga pamalo ake a ntchito.

Sipanathe masiku atatu tcheyamani anatulukira ku ofesi kwathu wapansi, alibe womuperekeza. Anali atagona nayo nkhaniyo n’kuzindikira chimene dzanja lake linalemba. Anandikokera kuseri kwa thanki yamadzi.

“Kakalata kaja, mwana wanga, kali kuti?”

“Kali pabwino, bambo. Musadere nkhawa.”

“Pabwino pati?”

“Poti sipafika chiswe.”

Ndinakhala ku Chitipa zaka zina zisanu ndi chimodzi. Pa misonkhano ankandisungira mpando wamthunzi, ndipo tikakumana pamsewu tcheyamani ankatsika njinga n’kuyamba ndiye kupereka moni. Tsiku limene ndinkasamuka anabwera kudzandithandiza kukweza katundu m’lole, maso ali pa sutikesi iliyonse. Ndinamugwira chanza ndi manja awiri, n’kumuuza kuti ndizimulembera.