Gudumu la Apongozi ku Hamilton

Apongozi anga aamuna atapuma ntchito ku fakitale ya zitsulo ku Hamilton, m'dziko la Canada, anagula injini yakalekale kwa mlimi wina n'kuiika m'galaja. Inali ya dzimbiri yokhayokha, ya gudumu lalikulu lolemera, lija limasunga mphamvu kuti injini isamazime pakati pa kugunda. Anaikonza chilimwe chonse mpaka inalira. Ife tinkangoti ndi zaukalamba, koma iwo ankafuna chinthu chimodzi: kumvanso kulira kwa chigayo cha ku Dedza, kumene ankaperekeza mayi awo ali mwana.

Vuto linali lakuti injiniyo inkagunda mwaulesi, pamene chigayo cha m'mutu mwawo chinkathamanga. Ndiye anaganiza zomanga sipuling'i ya gavana, kachipangizo koletsa liwiro, kuti injini izizungulira kawiri kuposa mmene anaipangira.

Ine ndine injiniya, ndipo ntchito yanga mu mzinda wa Markham ndi ya makina ozungulira omwewa. Nditamva, ndinadziwa kuti n'zoopsa. Koma ndinaleredwa kuti mtengwa satsutsa apongozi pamaso. M'nyumba mwawo ndinkapereka madzi nditagwada, ngakhale pa kapeti ya ku Canada. Choncho ndinatuma amuna anga.

Amuna angawo ndi munthu wabwino, koma uthenga ukadutsa mwa iwo umafika utathiridwa shuga. Ine ndinati, "Mukawauze kuti asawonjezere liwiro, gudumu liphulika." Iwo anakanena kuti, "Adadi, akuti gudumuli lachepa mphamvu pang'ono."

Tsiku lina Loweruka tinapita kukawaona apongoziwo, ndipo anatilandira ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Anali atapeza gudumu lina kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Kukula kwake kunali komweko, chitsulo chake chomwecho, koma mkombero wake unali wonenepa kwabasi. Anali ataliika kale, sipuling'i atamanga kale.

"Uwauze amayi kuti ndamvera," anauza mwana wawo, akunena ine, chonsecho ndili pomwepo. "Ili ndiye silingathyoke. Tiyeni tii-starte."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana kudenga. Ndinapsa mtima, ndinachitanso mantha, poti apongoziwo ankaima pambali penipeni pa gudumulo injini ikamalira. Ndinagwada pasimenti pozizira, n'kulankhula nawo mwachindunji, koyamba chikwatiwire.

"Bambo, pepani, ndilankhule ndekha. Kunenepa sikuthandiza."



Ndinawafotokozera kuti gudumu likamazungulira, kachigawo kalikonse ka mkombero kamafuna kupita molunjika, ndipo chimene chimakagwira ndi mkombero womwewo, umene umakokedwa kuzungulira konse ngati lamba wothina. Mukanenepetsa mkombero mwawonjezera chitsulo chogwira, inde, koma mwawonjezeranso chitsulo chofuna kuthawa, mofanana ndendende. Kukokako kumadalira mtundu wa chitsulo ndi liwiro la m'mphepete basi. Liwiro likawirikiza kawiri, kukoka kumawirikiza kanayi. Ndipo chitsulo chimenechi ndi cha mtundu wa mapoto akale a miyendo itatu: chimapirira kupanikizidwa, koma chikakokedwa sichipindika kuti chikuchenjezeni, chimangosweka. Zidutswa zake zimaboola khoma.

"Nanga cha kwathu chija bwanji sichinkaphulika?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Mwina gudumu lake linali laling'ono, bambo. Laling'ono likazungulira kamodzi, m'mphepete mwake mumayenda mtunda waufupi. Ili ndi lalikulu."

"Ngakhale kwa mphindi imodzi? Just one minute, ndingomva?"

Ndinalakalaka kuvomera. Mawu awo anali a mwana wopempha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Koma ndinati, "Ayi, bambo. Silidikira mphindi."

 Apongozi anatenga sipanala, namasula sipuling'i kubwerera pamene inali, n'kuliza injini. Inagunda mwaulesi womwe uja, utsi ukutuluka pakhomo la galaja kupita kumsewu. Anatseka maso, anapendeketsa mutu, milomo ikugwedera pang'ono ngati akuwerengera kugundako kuti kufulumire. Fungo la mafuta linadzaza ponse, ndipo kwa kanthawi nanenso ndinaona mzere wa amayi ndi madengu awo padzuwa, ufa uli mbuu m'nsidze.

Masiku ano nyumba ija anagulitsa, injini inapita kwa ena, apongozi anatisiya. Ndikamadutsa ku Hamilton pa sitima ndimawasowa, ndipo ndimakumbuka mmene anazimitsira injini tsiku limenelo, n'kupukuta manja pang'onopang'ono. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Dzukani, amayi, simenti ikuzizira," anatero. "Ntchito yanu mumaidziwa, ndipo mwachita bwino. Kungoti mwandibweza panjira. Ndinatsala pang'ono kufika kwathu."