Mapasa a Josephine

Mukafika pa Boma pa Chiradzulu, mai amene amakonza mafoni pafupi ndi pokwerera minibasi ndi a Josephine Maluwa a ku Mikolongwe. Zaka zisanu ankayang'anira makompyuta pachipatala china chaching'ono, kumene ine ndimagwira ntchito yolembetsa odwala.

Dzina la wodwala aliyense ndi mankhwala ake zimakhala m'makompyuta awiri akuluakulu otchedwa maseva. Kale zingwe zonse zinkakumana m'kabokosi kamodzi kotchedwa switchi. Kakangodwala kameneko, makompyuta athu ankangotiyang'ana, odwala ochoka kutali wapansi n'kuswera pabenchi.

A Josephine analimbikira mpaka anagulidwa maswitchi awiri. Anawalumikiza okhaokha kuti azimvana, ndipo kwa seva azioneka ngati imodzi. Seva iliyonse anaipatsa zingwe ziwiri zogwira ntchito limodzi, china kuswitchi yapamwamba, china kuyapansi, kuti ina ikafa inzake isenze katundu yense.

Akulu a ofesi, a Lackson, katswiri wa chilichonse chimene sanaphunzirepo, anawatcha maswitchiwo mapasa a Josephine.

"Kodi mai, zachiwirizi ndi zokongoletsa?" ankatero. "Abwana akubwera, mukawaonetse ntchito yake. Apo ayi, kontirakiti yanu muiiwale."

Kutatsala masiku ochepa kuti abwana a bungwe loyendetsa chipatalacho abwere, a Josephine anali kumaliro kwawo. A Lackson analowa m'chipinda cha maseva n'kupeza zingwe zitapingasana ngati mpanda wa nkhuku. Munthu waukhondo uja mtima unamuwawa. Anazula za kuswitchi yapansi zopita kumaseva, n'kuzisomeka m'mabowo opanda ntchito a yapamwamba, mondandalika bwino. Palibe chinazima, pakuti chingwe chimodzi chinkakwanira. Anatuluka akudzitama.

Lolemba a Josephine anatsika minibasi abwana atafika kale, ndipo anatengera abwanawo m'chipindamo chikwama chikadali m'manja.

"Onani bwana, ndikuzimitsa yapamwambayi, koma kutsogoloko sadziwa n'komwe," anatero monyadira.

Tinadziwa. Makompyuta onse anangoti zii, mzere wa odwala n'kufika pamsewu. A Josephine anaiyatsanso msanga, koma switchi sidzuka ngati munthu, imayamba yadziongola. Mphindi zisanu zimenezo a Lackson anazigwiritsa ntchito bwino.

"Ndinkanena ine, bwana. Zachibwana basi."

A Josephine anaziona zingwe zija, anayesa kufotokoza, koma abwana anali akuyang'ana wotchi. Madzulo omwewo a Josephine anabwezera chingwe chilichonse m'malo mwake. Mwezi utatha kontirakiti inathanso. Ine zinandiwawa, ndipo ndimachita manyazi kuti ndinakhala chete, chonsecho makiyi a chipindacho a Lackson anadzatenga kwa ine.

Chaka chatha switchi yapamwamba ija inafa yokha, kufa kwenikweni. Tinazindikira patapita masabata atatu, mai wosesa atafunsa chifukwa chake kabokosi kena sikakuthwanima. Palibe wodwala anadikira ngakhale mphindi imodzi. Abwana analemba kalata yoyamikira a Lackson chifukwa choona patali, ndipo ili m'felemu muofesi mwawo.

Nditawauza a Josephine, sanadzutse mutu pafoni imene ankakonza.

"Akagule ina msanga," anatero. "Yatsalayo ilibe mnzake."