Ma birr 8,000 a amayi ake a Endale

Lolemba m'mawa, komiti ya bungwe la Aitiyopiya ogwira ntchito ku Djibouti, itakhala pansi kawiri konse, inalengeza kuti aliyense wotumiza ndalama kumudzi chaka chathunthu osadumphitsa mwezi adzalandira satifiketi ya mwana wokumbukira kwawo. Ofuna ulemuwu abweretse umboni ndi zithunzi ziwiri, makutu onse akuoneka. Komitiyo inalonjeza kuti mwa njira imeneyi palibe kholo lidzavutikenso.

Endale Wolde, kalaliki wolemba malole otuluka padoko, anali ndi umboni woposa wa onse: tebulo la mawerengero la mufoni limene anadzikonzera yekha. Mzere uliwonse unali mwezi. Malipiro mafulanki a ku Djibouti 75,000, kuchotsa lendi, chakudya, magetsi. Kenaka za amayi: ma birr 8,000, ndalama za ku Itiyopiya, monga analonjezera tsiku lochoka kwawo ku Dire Dawa. Pamwamba panali kabokosi kamene ankalembamo mtengo wa birr imodzi m'mafulanki, tebulo n'kuchulukitsa lokha, n'kuwonjezera yolipira otumiza, n'kumuuza yotsala.

Poyamba m'kabokosimo munali 3, ndiye lonjezo linkamudya mafulanki 24,000. Birr itagwa, Endale, munthu wosanama ndi manambala, analembamo 2, kenaka 1.5. Lonjezo lomwelo linatsika kufika pa 12,000. Amayi ankalandirabe 8,000 yawo yosaperewera, koma yotsala ya Endale inanenepa ndi 12,000 mwezi uliwonse. Iye anati ndi madalitso obwera chifukwa cholemekeza makolo, ndipo anatenga pangongole makina oziziritsa m'chipinda, poti kutentha kwa ku Djibouti sikumva pemphero.

Lachitatu pa nkhomaliro anaimbira mlongo wake Tsigereda, amene amakhala ndi amayi, kuti amuuze za satifiketi.

"Ee, zikomo kwambiri, achimwene," anatero Tsigereda. "Mudzatitumizire tidzaiwiritse, amayi azimwera madzi ake."

"Ukutanthauza chiyani iwe? Ndinadumphitsapo mwezi ine?"

"Ayi ndithu, inu ndi wotchi. Koma mankhwala a BP aja amachokera kunja, achimwene. Birr itagwa, iwo anakwera kawiri. Panopa amayi amadula piritsi pakati ndi mpeni wa anyezi, theka lero, theka mawa. Dzana anachita chizungulire pokazinga khofi, mpaka anakhala pansi."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Anandiletsa. Akuti mwana wanga kunja akuvutika, onani chaka chonse walephera kuwonjezera ngakhale birr imodzi, ndiye kuti nayenso zamuthina. Lamlungu anakuyatsirani kandulo kutchalitchi."

Endale anayang'ana mbale yake ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. Kandulo ija inamutentha kuposa dzuwa la padoko. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti sakanati sankadziwa. Mtengo wa birr ankaulemba ndi chala chake mwezi ndi mwezi, akumwetulira.

"Uwauze amayi kuti kuyambira mwezi uno zisintha," anatero. "Ndikulumbira."

Atadula foni anatembenuza tebulo lija. M'malo molemba ma birr kuti limuuze mafulanki, analemba mafulanki 24,000 akale aja kuti limuuze ma birr. Linagawa ndi 1.5 n'kuyankha mosachita manyazi: 16,000. Amayi akanamalandira imeneyo. Kenaka anayang'ana yotsala, napeza yafiira, yaperewera ndi 12,000, ndalama yeniyeni imene amabweza pa makina aja.

Daher, mnzake wa pageti, anasuzumira paphewa.

"Bwana akauntanti, lero tebulo latuluka magazi? Walibaya ndani?"

"Ndibweza makina aja, Daher."

"Kwa Mwarabu wakusitolo uja? Aise, ameneyo sabweza ngakhale moni. Komanso iwe ugone wopanda mphepo mu Julaye? Tidzakupeza utapsa ngati nsomba, amayi ako alandire chiyani?"

Madzulo Endale anapitadi kusitolo. Mwini wake anamupatsa tiyi, namuonetsa pamene anasaina, namukumbutsa mwaulemu kuti kwatsala miyezi khumi. Kunyumba anayesa kudula pa chakudya, kudula pa magetsi, koma kufiirako kunangochepa pang'ono ngati chilonda chouma m'mbali. Makinawo anawazimitsa, kuti naye amveko ululu. Anapirira mpaka thukuta litanyowetsa pilo, kenaka anawayatsa, koma pa mphamvu yochepa.

Mwezi ukupita kumapeto anabwezera tebulo mmene linalili, akudziuza kuti n'zongoyembekezera, ndipo kufiira konse kunatha. Atalipereka ngati umboni, komiti inaliyamikira kwambiri, mpaka wapampando anapempha kuti ena atengerepo chitsanzo. Chithunzi chimodzi komiti inachikana chifukwa khutu lakumanzere silinkaoneka bwino, Endale nalipira china.

Satifiketi inatuluka pa 28, ya zidindo ziwiri. Pa 30 Endale anatumiza ma birr 8,000.