Mzere Wokhota pa Foni ya Bambo

Pa ana asanu a telala uja, Mzime yekha ndiye sanagwirepo sizasi. Abale ake onse anadutsa pa makina osokera, wina mpaka anadzibaya chala chipsera chili pomwepo. Iye anapita kukaphunzira zopanga mawebusaiti, ndipo tsopano amagwira ntchito m'kaofesi ka anthu atatu pamwamba pa sitolo ya utoto, komwe zenera limodzi silitseguka ndipo lina silitsekeka.

Bambo ake ntchitoyo sankaitsutsa, koma sankaiwerengeranso. Munthu akafunsa kuti mwana wotsiriza uja amatani, ankayankha kuti amakhala pampando. Mzime ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zonse za ntchitoyo ankadikira tsiku limene bambowo adzayang'ane chinthu chomwe wapanga n'kunena kuti chili bwino.

N'chifukwa chake anawapangira webusaiti ya shopu yawo popanda womupempha. Pamwamba pa tsamba anaikapo mzere wa mawu asanu oti munthu azidina: Poyambira, Masuti, Mayunifolomu, Mitengo, Tipezeni. Anauyesa pa laputopu, anauyesa pa foni yake, kenako anapanikiza tsambalo mpaka mapikiselo 360, muyeso umene ankauwerengera kuti ndiwo wa mafoni ang'onoang'ono. Mawu onse asanu anaima pamzere umodzi ngati ana a sukulu. Anatumiza linki n'kukhala tcheru.

Bambo anaimba Lachiwiri m'mawa. Sanatchule zithunzi za masuti, sanatchule mitundu.

"Mzere wako wapamwambawu ndi wokhota," anatero. "Tipezeni wagwera pansi pa anzake. Ine mpendero wotere ndimauphwasula."

Mzime anadziwa chomwe chachitika, ngakhale sanamvetse chifukwa chake. Mzere wotere anaulamula yekha kuti malo akachepa, mawu otsala azitsikira m'munsi. Koma malo akanachepa bwanji pa foni imene anawagulira iye mwini, yofanana ndendende ndi yake? Anaganiza kuti mwina mdalayo akungofuna pomugwira, monga ankachitira ndi ophunzira ake, kufunafuna ulusi wotsalira mpaka kuupeza.

Anatsegula fayilo ya CSS, momwe mumalembedwa kaonekedwe ka tsamba, n'kuletsa mawuwo kutsika. Anauza bambo kuti atsegulenso tsambalo. Atatsegula, bambo anati mzere wawongoka ndithu, kungoti Tipezeni wasowa. Anali atathawira kunja kwa sikirini kudzanja lamanja, moti munthu ankayenera kukoka tsamba ndi chala kuti amupeze. Bambo anafunsa, mosakweza mawu, kuti makasitomala awapeza bwanji pamene mawu oti awapeze nawonso akusowa.

Lachitatu anachepetsa mipata ya pakati pa mawu. Sizinakwane. Lachinayi anachepetsa zilembo, n'kuchepetsanso, akuimba foni ulendo uliwonse, mpaka pa ulendo wachitatu bambo anati, "Zili bwino."

Mawu amene anawadikira zaka zisanu ndi chimodzi aja anali amenewa, koma anabwera msanga kwambiri, opanda "koma" kumbuyo kwake. Munthu amene anabwezapo diresi la ukwati pa makina chifukwa cha batani limodzi sakanangovomera chonchi. Mzime anawapempha kuti adine Mitengo amuwerengere zomwe zatuluka. Anamuwerengera za mayunifolomu. Kenako anati kwabwera kasitomala, foni n'kudula.

Loweruka m'mawa anakwera basi kupita ku shopu. Anaipeza monga mwa masiku onse: makina akuda aja pafupi ndi khomo, choko cha buluu pathebulo, masuti atatu opanda manja akulendewera pa waya. Kungoti makinawo anali atasunthidwa, tsopano anali pakhomo penipeni pomwe dzuwa limafika, moti kasitomala ankalowa chammbali. Pamwamba pa thebulo panali nyale yatsopano, yoyaka masana.

Anapempha foni ija. Nthawi inalembedwa ndi manambala akuluakulu, mayina a anthu anayi okha ankadzaza sikirini yonse. Wina anali atawakulitsira zonse za m'fonimo mpaka pamapeto. Foni ikakulitsidwa chonchi, tsamba limaona ngati sikirini yachepa. Mzime anatsegula laputopu pa thebulo lodulira nsalu, anabwezeretsa zilembo zakale zija, n'kuyamba kupanikiza tsamba pang'onopang'ono. Asanafike n'komwe pa 280, Tipezeni anagwera pansi, monga momwe bambo ananenera. Mdalayo sankamusaka chifukwa. Ndipo Mzime, pofuna kuwongola mzere, anabwezera zilembo ku msinkhu womwewo umene bambo ake ankauthawa.

Anawayang'ana. Anali atagwira singano kutali ndi nkhope, akulasa ulusi pambali pa bowo, kunyowetsa ndi malovu, kulasanso. Kasanu konse. Mzime anachita mantha, komanso manyazi, poti mlungu wathunthu ankaganiza za mzere basi.

"Zinayamba liti, bambo?"

"Chani?"

"Maso."

Singano ija bambo anaibaya pa kapilo. Anati chaka chatha, mwina chinacho. Foni anawakonzera ndi wogulitsa magalasi a mawindo wa shopu yoyandikana nayo, munthu wosayankhulayankhula. Amayi ake a Mzime sakudziwa, achimwene ake sakudziwa, ndipo makasitomala akadziwa ndiye basi, palibe amapereka nsalu ya suti kwa telala wosaona. Manja akudziwabe njira, anatero, vuto ndi bowo la singano ndi manambala a pa tepi.

Mzime anabwerera pa laputopu n'kulemba lamulo latsopano: sikirini ikachepera mapikiselo 480, mzere uja usamaoneke, m'malo mwake pakhale batani limodzi lalikulu lolembedwa kuti Menyu. Munthu akalidina, mawu asanu aja azitsika mondondozana, lililonse pamzere wakewake, zilembo zake zazikulu. Anayesa pa 480, pa 360, pa 280, mpaka pa 240 pomwe panalibe womutuma. Anakweza fayiloyo pa intaneti, anatsegulanso tsamba pa foni ya bambo, n'kuwapatsa.

Bambo anadina batani. Anawerenga mawu onse asanu mokweza, limodzilimodzi, ngati akuitana mayina a ana awo. Atatero anatenga tepi pakhosi, anaigoneka pa sikirini kuona ngati mawuwo ayambira pamodzi kumanzere. Manambala a tepiyo sankawaona, koma m'mphepete mwake munali mowongoka.

"Poyamba paja unasoka usanamuyeze mwini chovala," anatero. "Apa wasiya pokulira. Ndi mmene timachitira ndi yunifolomu ya mwana."

"Ndiye zili bwino?"

"Batanili likanasunthira pang'ono kumanja."

Apo Mzime anadziwa kuti ntchito yalandiridwa. Analisuntha.

Za chipatala cha maso anakambirana nthawi yaitali, mmodzi akuti Lolemba, winayo akuti mayunifolomu akatha. Anagwirizana Lachitatu, ndipo Mzime anati abwera kudzawatenga yekha. Za kuuza amayi sanamvane. Asananyamuke, Mzime anakoka mpando, anatenga kapilo ka singano kaja ndi ulusi wakuda, woyera ndi wa buluu. Mwana amene sanagwirepo sizasi uja analowetsa ulusi m'singano khumi ndi ziwiri, n'kuzibaya pamzere. Bambo ake anapapasa mzerewo ndi chala, kuyambira yoyamba mpaka yotsiriza, ndipo anati yachisanu ndi chiwiri yapendekeka.