Chipinda cha a Mizere ndi mita imodzi ija

Inu anthu maso muli nawo ochitira chiyani? Mumagona m'nyumba zomwe a Mizere anajambula, mvula osakudontherani, koma mukakumana nawo pamsewu mumangowapitirira ngati mtengo wa magetsi. Ine sukulu sindinapondeko, komabe munthu ndimamudziwa. Iwe lemba, usakonze mawu anga.

A Mizere ndi aneba anga, timagawana mpanda. Dzinalo anawapatsa ndi amisiri, chifukwa ntchito yawo ndi kujambula mapulani a nyumba opita ku khonsolo. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda kogwiriramo ntchito, tebulo lopendekeka kudzaza konse, moti polowa ankachita chammbali ngati nkhanu. Akazi awo atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo atakwatiwa kutali, ndinkangowaona pawindo pamenepo atawerama, wailesi ikuyankhula yokha. Kapu yotsuka inali imodzi, mpando wapakhonde umodzi.

Makasitomala onse ankawauza mawu amodzimodzi, mpaka ine ndinawaloweza. "Mpanda si malire, bwana. Malire ndi bikoni." Bikoni ndi kachitsulo kozikidwa mu simenti pangodya ya poloti. Munthu akabwera kuti ndijambuleni msanga, iwo ankayamba apita ndi khasu kukafukula kachitsuloko, ngakhale kakwiririke ndi zinyalala.

Tsono tsiku lina anandiitana pampanda, nkhope ikuwala ngati adzola mafuta.

"Mayi, mwana wanga uja waimba foni. Banja latha. Akuti akapeza pogona abwera ndi ana awiri aja, sukulu zisanatsegulire."

"Banja kutha inu n'kumasekerera?"

"Sindikuseka, mayi."

"Nanga manowo mwawayanika kuti aume?"

Nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Mwana wamkazi wamkulu sangagone pabalaza bambo ake n'kumamulumpha popita panja. Ndiye anati awonjezera chipinda kumbali yoyang'ana kwa ine.

Anajambula ngati wina akuwathamangitsa. Atamaliza anabwera kudzayala mapepala pa tebulo langa, poti analibe wina womuonetsa. Ili la msewu wofikira pa poloti. Ili la poloti yonse ngati ukuiona uli kumwamba, nyumba yakale, chipinda chatsopano, dzenje la chimbudzi ndi mapaipi ake, ndi kamuvi kolozera kumpoto. Ena a mkati mwa chipinda, a maonekedwe a kunja mbali zonse, ndi lina lomwe nyumba aidula pakati ngati buledi kuti maziko ndi denga zioneke. Pakona panali timanambala, kukula kwa poloti ndi kukula kwa malo omangidwa.

"Apa," anatero akuloza, "kuchokera ku khoma la chipinda kukafika kumalire, mamita atatu, monga amafunira a khonsolo. Ndipo zomanga zonse sizikupitirira theka la poloti. Windo ndaika kummawa, ana azidzuka msanga."

Anapinda makope ake bwinobwino, kuphatikiza pepala la umwini wa malo, n'kukapereka.

Mapulani anabwerera opanda chidindo. Mtsikana wa ku khonsolo anaona kuti poloti ya pa pulani yakula kuposa ya pa pepala la umwini. Anabwera ndi tepi, anakumba pangodya, ndipo bikoni anaipeza mkati mwa bwalo la a Mizere, mita yathunthu kuchokera pampanda.

Ine ndinakumbukira pomwepo. Kalekale, pomanga mpandawo, akazi awo anali atadzala kale mtengo wa mandimu pamalire penipeni. Malemu amuna anga anati, "Mtengo wa alamu usadulidwe, khoma lilowe kwathu." Khoma linalowadi kwathu. A Mizere anagwira nawo chingwe tsiku limenelo. Zaka zinapita, udzu unamera, ndipo munthu wofukula mabikoni a dziko lonse, pakhomo pake anayeza kuchokera pampanda. Mtima unali kale kwa adzukulu.

Tsono mamita atatu aja anali awiri. Komanso poloti itachepa, zomanga zinapitirira theka.

Ndinavala nsalu yanga, ndinakwera basi ndi a Mizere kupita ku khonsolo. Ku ofesiko kuli benchi lalitali, anthu atafungatira mapepala okulunga ngati makanda. Titafika pawindo la mtsikana uja ndinayamba ndine.

"Mwanawe, malo amenewo ndi anga. Ndawapatsa. Lemba."

"Agogo, kupatsana pakamwa sikusuntha bikoni. Pafunika oyeza malo adzadule mwalamulo, mapepala a mapoloti onse awiri asinthidwe. Zimatenga nthawi yaitali."

"Mita imodzi! Nsalu ndavalayi ikuposa pamenepo."

"Mpata umenewo ndi wa mpweya ndi kuwala, agogo, ndiponso moto ukabuka usalumphire kwa inu."

"Ine ndakalamba kale, ndipsa pang'ono."

Anaseka, koma chidindo sanachikhudze. A Mizere anandikoka dzanja. "Mayi, mwanayu akunena zoona. Tiyeni." M'basi ankangopotokola chipewa.

Ndinawauza kuti mangani basi, ena onsewa amamanga. Anati, "Ndiike adzukulu m'chipinda choti tsiku lina adzachilembe chizindikiro chofiira n'kuchigwetsa? Ndiye mawa ndiwauza chiyani makasitomala?"

Anajambulanso, ulendo uno kuyambira pa bikoni. Chipinda chikasunthira mkati mita imodzi chinkagunda kachipinda kawo kantchito. Ndiye pa pulani yatsopano kachipindako anakajambula ndi mizere yodukaduka, n'kulembapo kuti kagwetsedwa. Kakachoka, mamita atatu akwana, theka lija likwananso. Pondionetsa, chala chinaima pamenepo nthawi yaitali.

"Muzijambulira kuti?"

"Pabalaza. Ana akamasokosa ndizolowera."

Koma mapulani obwerezedwa amadikira kuti komiti ikhalenso. Anapita kukafunsa mpaka alonda a pageti anayamba kuwapatsa moni wa pachibale. Ine ndinaimbira mwana wawo kuti bwera udzayambe wakhala kwanga. Anati, "Agogo, ndatopa kukhala mosungidwa." Sukulu zinatsegulira. Anapeza ntchito m'sitolo komweko, anachita lendi kachipinda, ana anawalembetsa sukulu ya pafupi.

Chidindo chinabwera pambuyo pake. Ndinaganiza kuti a Mizere mapepalawo angowaika pansi pa matiresi. Ayi. Anatulutsa tebulo lopendekeka lija, anaitana amisiri, kachipinda kanagwa fumbi kuti kobo. Pokumba maziko anamanga okha chingwe pa bikoni, anayeza, anayezanso. A khonsolo atabwera kudzaona ngalande za maziko sanapeze chonena.

Ndinawafunsa pampanda, "Mukumangira ndani?"

"Wati mwina chaka chamawa, mayi."

"Mwina ameneyo amadya chiyani?"

Anathyola mandimu awiri n'kundipatsira pamwamba pa khoma.

Lero chipindacho chilipo, chapentedwa, windo lake kummawa. Muli mabedi awiri oyalidwa, ndipo a Mizere amasesamo n'kutsekanso chitseko. Amajambulira pabalaza, wailesi ikuyankhula. Mwana amaimba foni Lamlungu. Pakati pa khoma latsopano ndi bikoni pali mamita atatu enieni, ndipo mpanda ndi mtengo wa mandimu zili pomwe zinali. Kapu yotsuka ikadali imodzi, kupatula masiku omwe ndapitako ndi yanga.