Kiyi wa Pachipupa ndi Anthu Otalika Kuthambo

Mbewu yanga ya kachewere ndimaisunga m'chipinda chokhoma, ndipo kiyi wake sindipatsa munthu, ngakhale mwana wobala ndekha. Kwa zaka zambiri ndinkabisa kiyiyo pamwamba pa chipupa, pansi pa malata, pamene zala zanga zinkafika ndikanyanyamphira.

Chaka china, nyengo yachisanu, ndinaona chachilendo. M'mawa ndikatseka chipinda ndinkakankhira kiyi mkati mpaka pamene zala zathera, n'kupita kudimba. Madzulo pobwera, nditatula dengu, ndinkanyanyamphira pamalo pomwepo, koma zala zinkangokanda njerwa. Kiyi ndinkachita kukoka ndi kamtengo. Zinachitika Lolemba, zinachitikanso Lachiwiri, mpaka milungu itatu. Ndinati pali munthu wamtali amene amatenga kiyiyu masana n'kubwezera patali.

Wamtali pakhomo panga ndi mmodzi, mkamwini wanga, amene amacheka matabwa kuphiri. Anali atakhala pamudzi pathu zaka zambiri osandiyankhapo mwano, ndipo zimenezo n'zimene zinkandikayikitsa kwambiri. Munthu wofatsa choncho amakhala akuganiza chiyani? Ndinawaza phulusa pakhomo la chipinda kuti ndione mapazi, ndinangopeza a nkhuku. Mbewu sinkaoneka kuchepa, ndiye ndinati akuba mwaluso. Ndinatumiza mawu kwa ankhoswe kuti abwere Lamulungu tikaweruka ku Misa, osanena mlandu wake. Ndinkadziwa kuti mwamuna uja akatchulidwa wakuba pamaso pa ankhoswe adzanyamula sowo yake n'kubwerera kwawo, mwana wanga n'kutsala pa ukwati wosweka. Koma mtima unali utauma kale.

Lachisanu kunabwera mdzukulu wanga, mwana wawo woyamba, amene amaphunzitsa sayansi kusekondale cha ku Linthipe. Anakhala pakhonde n'kumakonza phunziro la Lolemba, akuseka yekha ndi foni.

"Agogo, taonani anthu awa. Ali m'chombo chimene chimazungulira dziko kuthambo."

Ndinayang'ana. Mzimayi wina ankayandama ngati nthenga, tsitsi litaima.

"Amumanga zingwe ameneyo," ndinatero.

"Palibe chingwe. Ndipo akakhala kumeneko amatalika, mwina zala ziwiri, ena zitatu. Akabwera pansi pano amabwereranso msinkhu wawo wakale."

"Munthu wa mano onse n'kumakulanso? Anakuuza ndani?"

"Zili m'mabuku."

"Mabuku analembanso kuti feteleza afika mvula isanagwe."

Amayi ake anaseka ali kukhitchini. Mdzukulu uja sanakwiye. Anandifunsa ngati ndinadyapo msana wa mbuzi, ngati kuti pali munthu wa ku Dedza amene sanaudye. Anati pakati pa fupa ndi fupa pamakhala kanthu koyera kofewa kaja, ndipo ifenso tili nato kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Tinthu timeneti timasunga madzi ngati chinkhupule. Munthu akaimirira, dziko limamukokera pansi, kulemera kwa mutu ndi thupi kumatifinya, madzi amachokamo pang'ono, msana n'kufupika.

"Ndiye kuthamboko dziko silikoka?"

"Limakoka ndithu. Koma chombo ndi anthu ake zimakhala zikugwa limodzi mozungulira dziko, osafika pansi, ndiye palibe chowatsamira. Mukukumbukira lole ikadumpha pa chitunda, matako amasiya thumba limene mwakhalira?"

"Pakamwa pako."

"Iwowo amakhala choncho tsiku lonse. Tinthu tija timamwa madzi n'kufufuma, msana umene umakhala wopindika pang'ono umawongoka. Mafupa sakula ayi, n'chifukwa chake akatera kulemera kumawafinyanso. Ambiri msana umawapweteka masiku oyamba, ndipo osoka zovala zawo amasiyiratu malo."

Ndinati telala woteroyo ndiye amadyerapo nsalu. Iye anapukusa mutu n'kunena, maso ali pa kope lake:

"Inunso agogo, m'mawa mumakhala atali kuposa madzulo. Mukagona, msana umapuma n'kumwa madzi. Ndi madengu mumasenzawo, pofika madzulo chala chimodzi chimakhala chitapita."

Ndinamva nkhope kutentha, chisanu chili chonsecho.

Loweruka ndinamudzutsa kusanatenthe. Anafuna kubwereka tepi yoyezera ya bambo ake, ndinakana. Tepi ya munthu amene ndikumuganizira ingandiuze zoona bwanji? Ndinavula mpango, ndinatsamira chipupa opanda nsapato, iye anaika buku pamutu panga n'kulemba mzere ndi msomali. Pamzerepo ndinadindapo chala cha mwaye kuti wina asausunthe. Kenako ndinaika kiyi pamalo pake, ndinakhoma nyumba yonse ndi loko wina, n'kumutenga mtsikanayo kupita naye kudimba kuti akhale pamaso panga. Anasenza kabichi tsiku lonse akudandaula kuti anabwera kudzapuma.

Dzuwa litapendeka tinabwerera. Loko anali momwe ndinamusiyira. Ndinaima pachipupa, buku pamutu, ndipo mzere watsopano unagwera pansi pa wakale, mpata wake wokwana chala changa chaching'ono.

"Wapendeketsa buku."

"Gwirani nokha."

Ndinagwira ndekha, zinali zomwezo. Ndinamutuma kumadzi, ndinanyanyamphira pa kiyi, zala zinakanda njerwa. M'nyumba simunalowe munthu chichokereni ine. Zaka zam'mbuyo mpata wa chalawo sunkandivuta, koma tsopano ukalamba unali utandifupikitsa kale. Atabwera ndinamufunsa ngati msana umadikira usiku kuti umwe madzi ake. Anati ayi, ngakhale kugona chagada kanthawi kumabweza pang'ono. Ndinayala mphasa n'kugona dzuwa likadalipo, mwana wanga n'kumafunsa pazenera ngati ndadwala. Patapita nthawi ndithu ndinadzuka, ndinatambasula dzanja, nsonga ya chala inakhudza chitsulo chozizira.

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi. Wakuba ndinamusaka milungu itatu, phulusa ndinawononga, chonsecho ndinkayenda naye kumbuyo kwanga.

Ankhoswe anali ataitanidwa kale, ndipo munthu subweza akuluakulu panjira. Lamulungu anafika awiri, mchimwene wanga ndi amalume ake a mkamwini, nkhope zili zamlandu. Mkamwini anakhala patali pa chitsa, chipewa chili pabondo. Mwana wanga maso anali ofiira, chifukwa sankadziwa chimene mwamuna wake walakwa. Ndinali nditapha tambala, koma sindinafune kubisala kuseri kwa ndiwo. Ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana mchimwene wanga: za kiyi, za phulusa, za anthu oyandama, ndi mlandu umene ndikanaunena lero.

Kenako mchimwene wanga anati, "Ndiye mwatiitanira kuti tiweruze msana wanu?"

Amalume aja anaseka mpaka kutsokomola. Anati pa ukhoswe wawo wonse sanaonepo wodandaula ndi wolakwa atavala chitenje chimodzi. Anafuna kuona mizere, ndipo onse awiri anakaima pachipupa kuti mphunzitsi awayeze, akukangana kuti wamtali ndani.

Mkamwini anadikira kuti phokoso lithe. Analankhula motsitsa, akuyang'ana amalume ake monga mwa ulemu.

"Muwauze amayi kuti pamene pamakhala kiyi ndimadziwa kuyambira tsiku limene ndinakhoma malata aja. Sindinanene, kuopa kuti angavutike kusaka malo ena."

"Nanga mwakwiya?" anafunsa mchimwene wanga.

"Ndikwiyire chiyani? Kungoti mawa ndiwakhomera msomali m'munsi, pamene angafike ngakhale Loweruka madzulo."

Mwana wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Msomaliwo ndinaukana, chifukwa kiyi wa pamsomali amaonedwa ndi aliyense. Koma pogawa tambala ndinatenga nthutumba, imene mchimwene wanga anali ataiyang'ana kale, n'kuiika m'mbale ya mkamwini. Anailandira ndi manja awiri, ndipo anadya yonse pamaso pathu.